Integiralo ya malire opanda mapeto

M'masamu a kalikyulasi, integiralo ya malire opanda mapeto ndi integiralo yomwe malire ake amodzi, kapena onse awiri, ndi ∞ kapena −∞. Imayeza kukula kwa malo a pansi pa girafu yomwe ikungopitirira osatha. Popeza ∞ si nambala, sitingailowetse m'fomula monga timachitira ndi 5 kapena 100. M'malo mwake timayamba taima pa nambala b, n'kuwerengera integiralo wamba, kenako n'kuona kumene yankho likulowera pamene b akukulirakulira. Kumeneko n'kumene kumatchedwa limiti:

∫₁^∞ f(x) dx = lim(b→∞) ∫₁^b f(x) dx

Limitiyo ikakhala nambala yeniyeni, timati integiraloyo ikukhazikika, ndipo nambalayo ndiyo yankho. Ikapanda kutero, integiraloyo siikhazikika.

Chitsanzo chimene zina zambiri zimayerekezedwa nacho ndi 1/x^p, kuchokera pa 1 kupita ku ∞. Timayambira pa 1 pofuna kupewa x = 0, pomwe kugawa sikutheka. Ngati p si 1, timapeza kuti:

∫₁^b 1/x^p dx = (b^(1−p) − 1)/(1 − p)

Nkhani yonse yagona pa b^(1−p). Ngati p aposa 1, ndiye kuti 1 − p ali pansi pa ziro, choncho b^(1−p) amachepa kulowera ku ziro ndipo yankho limakhala 1/(p − 1). Tikatenga p = 2, integiralo yofika pa b ndi 1 − 1/b. Pa b = 10 imapereka 0.9, pa b = 100 imapereka 0.99, ndipo limiti yake ndi 1. Koma p akachepera 1, b^(1−p) amakula osaleka. Mwachitsanzo, p = 1/2 amapereka 2√b − 2, yomwe ilibe poima.

Pa p = 1 fomula ija siigwira ntchito chifukwa pansi pake pamakhala ziro. Apa integiralo ndi ln b, ndipo ndi pomwe ophunzira ambiri amapusitsika. Girafu ya 1/x imatsikira ku ziro ngati ya 1/x², ndipo ln b amakula pang'onopang'ono kwambiri: pa b = 1,000 ndi pafupifupi 6.9, pa b = 1,000,000 ndi pafupifupi 13.8 chabe. Woyang'ana manambala okhawa angaganize kuti aima posachedwa. Komatu nthawi iliyonse imene b wachulukitsidwa kawiri, malowo amawonjezeka ndi ln 2, pafupifupi 0.69, kaya b wakula motani. Kuwonjezera mlingo womwewo mobwerezabwereza kumadutsa nambala iliyonse. Kutsikira ku ziro kokha sikukwanira. Girafu iyenera kutsika mofulumira ndithu.

Motero integiralo ya 1/x^p kuchokera pa 1 kupita ku ∞ imakhazikika pokhapokha p ataposa 1, ngakhale pang'ono pokha: p = 1.01 amapereka 1/0.01, yomwe ndi 100.