Kodi zikanakhala bwanji? Njira yoyesera lamulo la boma posakaniza maiko ena

Pamene alimi a ku Tamanda akhala pansi kukambirana za mtengo wa fataleza, nkhani siicedwa kufika pa caka ca 1991. Ena amati a Frederick Chiluba anapha ulimi pocotsa dzanja la boma pamalonda a cimanga. Ena amati ayi, dziko linali litagwa kale m'nthawi ya UNIP, ndipo kukanakhala kuti sanasinthe zinthu, njala ikanaposa pamenepo. Mkangano umenewu sutha cifukwa mbali zonse ziwiri zikamba za Zambia amene palibe anamuonapo: Zambia amene sanasinthe malamulo ake.

Akatswiri a zacuma ali ndi njira yomangira dziko losaonekalo papepala. Amaicha sinthetiki kontrolo, ndipo anaiyamba ndi a Alberto Abadie ndi a Javier Gardeazabal mu 2003, pofufuza m'mene zauciwembu zinabwezera pambuyo cuma ca cigawo ca Basque ku Spain. Mfundo yake ndi yakuti palibe dziko limodzi lofanana ndendende ndi lathu, koma mukatenga gawo la dziko ili ndi gawo la dziko lija, mungapange dziko loyerekeza lomwe mbiri yake ilondola yathu.

Tiyeni tiyambe ndi citsanzo congopeka ca kumunda. Tinene kuti mlimi amakolola matumba 27 a cimanga caka ndi caka. Anzake atatu amakolola 20, 30 ndi 40. Palibe wofanana naye. Koma tikatenga theka la zokolola za woyamba, magawo 30 pa 100 a waciwiri ndi magawo 20 pa 100 a wacitatu, tipeza 10, 9 ndi 8, zomwe pamodzi ndi 27. Ngati msakanizo umenewu ukwera ndi kutsika limodzi ndi munda wake kwa zaka zambiri, taupeza munda woyerekeza.

Tsopano mlimiyo yekha wabyala mbeu yatsopano ndipo wakolola 33. Iye adzati mbeu yamupatsa matumba 6. Koma mvula inali yabwino, ndipo anzake aja akolola 22, 32 ndi 42. Msakanizo womwewo upereka 29. Cotero mbeu yaonjezera matumba 4 okha. Awiri enawo ndi a mvula.

Pa maiko nchito ndi yomweyo, kungoti magawo amasankhidwa ndi kompyuta. Pali malamulo awiri: gawo lisatsike pansi pa ziro, ndipo magawo onse pamodzi akwane 100. Ndiponso magawowo amasankhidwa poyang'ana zaka za lamulo lisanayambe zokha. Akasankhidwa, sasinthidwanso.

Citsanzo codziwika kwambiri ndi ca Germany. Mu 1990 dziko la West Germany linagwirizana ndi la East Germany. Kodi anthu a kumadzulo analipira zingati? Mu 2015 a Abadie, a Alexis Diamond ndi a Jens Hainmueller anatenga maiko olemera 16 ndi ziwerengero zoyambira 1960. Kompyuta inapatsa Austria magawo 42, America 22, Japan 16, Switzerland 11 ndi Netherlands 9. Maiko ena 11 sanalandire kanthu. Kwa zaka 30, cuma ca munthu mmodzi m'dziko loyerekezali cinayenda pamodzi ndi ca West Germany weniweni. Pambuyo pa mgwirizano mizere iwiriyo inapatukana: pakati pa 1990 ndi 2003 munthu aliyense anali kutaya madola pafupifupi 1,600 pacaka, ndipo pofika 2003 dziko loyerekeza linali pamwamba ndi magawo 12 pa 100.

Ofufuzawo sanangokhulupirira zimenezi. Ananamizira kuti mgwirizano unacitika mu 1975, nkuona ngati mizere ipatukana, siinapatuke. Anacitanso cimodzimodzi ndi dziko lililonse mwa 16 aja monga ngati ndilo linagwirizana ndi lina, ndipo kupatuka kwa Germany, poyerekeza ndi m'mene mizere inalondolerana kale, kunaposa onse. Potsiriza anacotsa maiko asanu aja limodzilimodzi, kuti aone ngati yankho litsamira pa dziko limodzi lokha. Kafukufuku amene alibe mayeso otere ndi wofunika kumukayikira.

Nanga bwanji osangocita cimodzimodzi ndi Zambia wa 1991? Apa ndipo pali mabvuto atatu.

Loyamba ndi lakuti maiko osakaniza ayenera kukhala amene sanalandire mankhwala omwewo. Koma Malawi, Tanzania, Kenya ndi Zimbabwe onse anali pa mapulogalamu a IMF ndi World Bank m'zaka zomwezo. Kuyerekeza Zambia ndi iwowa kuli ngati kuyesa mbeu yatsopano pomwe mudzi wonse wabyala yomweyo. A Andreas Billmeier ndi a Tommaso Nannicini, mu 2013, anayesa njirayi pa maiko ambiri amene anatsegula malonda ao. Anapeza phindu m'madera ambiri, koma kwa amene anatsegula mocedwa, makamaka mu Africa, phindu looneka bwino silinapezeke.

Laciwiri ndi lakuti njirayi siitha kulekanitsa zinthu zomwe zagwa nthawi imodzi. Boma la MMD litangolowa, cilala ca 1992 cinapsereza cimanga, matenda a Edzi anali kutenga anchito, ndipo migodi ya kopa inali kucepa mphamvu. Cilala cimene cagwera maiko onse a m'msakanizo cimadzicotsa cokha, monga mvula ija ya kumunda. Koma bvuto la kopa ndi lathu. Dziko losadalira kopa silingationetse m'mene tikanakhalira.

Lacitatu anthu okhala kufupi ndi malire a Malawi, monga a ku Tamanda, alidziwa bwino. Cimanga ndi fataleza zimaoloka malire panjinga kutsata mtengo. Lamulo la Lusaka limasintha mitengo ku Mchinji, ndipo la Lilongwe limamveka ku Chipata. Dziko limene lakhudzidwa ndi lamulo lathu silingakhalenso muyeso woyera, ngakhale likhale lofanana nafe kopambana.

Komabe njirayi yatithandizapo kuno kwathu, posakaniza maboma m'malo mwa maiko. Mu April 2006 boma la a Levy Mwanawasa linacotsa malipiro a m'zipatala zing'onozing'ono m'maboma 54 a kumidzi mwa maboma 72 a nthawiyo. A Aurélia Lépine, a Mylène Lagarde ndi a Alexis Le Nestour anamangira maboma a kumidzi anzao oyerekeza kucokera m'maboma amene malipiro anapitirira. Zotsatira zao, zofalitsidwa mu 2018, zinali zodabwitsa: ndalama zimene odwala anali kutulutsa m'thumba zinatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100, koma umboni wakuti odwala ofuna cithandizo anaculuka sunapezeke, ngakhale pakati pa osauka. Lamulo linapeputsa thumba, koma mtunda wopita kucipatala sunafupike.

Cotero pamene wandale kapena bungwe likuuzani kuti lamulo lakuti lakweza zokolola kapena lacepetsa umphawi, funsani mafunso atatu. Mwayerekeza ndi ndani, ndipo aliyense wapatsidwa magawo angati? Kodi mizere iwiriyo inayendera limodzi zaka zingati lamulo lisanayambe? Nanga ndi ciani cina cinagwa caka comweco? Ngati yankho ndi lakuti caka catha tinakolola 27 ndipo caka cino 33, kumbukirani kuti matumba ena ndi a mvula.