Mizati Ikatuluka ndi Zibowo: Kalata Yopita kwa Mmisiri

Matabwa akachotsedwa pa mzati watsopano wa konkire, nthawi zina pamaoneka miyala yopanda simenti pakati pake, malowo ali zibowozibowo ngati chisa cha njuchi. Mwini nyumba akaona zimenezi, ndi bwino alembere mmisiri kalata pulasitala asanayambe, chifukwa zibowo zikamatidwa umboni watha. Kalata yabwino imatchula mizati yake, tsiku lothira konkire ndi kukula kwa malo owonongeka, imakhala ndi zithunzi, ndipo imafunsa zinthu ziwiri: chachititsa n'chiyani, nanga akonza bwanji?

Yankho la funso loyamba limaoneka pa mzati pomwepo. Zibowo za m'tsinde zimabwera konkire akamaponyedwa kuchokera pamwamba pa bokosi lalitali: akagwa mtunda woposa mita 1.5, miyala imatsogola kufika pansi, phala la simenti n'kutsalira pa zitsulo. Zibowo zotsata ngodya zimasonyeza kuti phalalo linkadontha m'mipata ya matabwa. Zikamwazikana paliponse, ndiye kuti konkire anali wouma kwambiri, mchenga unachepa, kapena sanatsinyiridwe mokwanira ndi makina ogwedeza. Kungogogoda matabwa ndi hamala, monga ambiri amachitira, kumasalaza kunja kokha.

Funso lachiwiri limadalira kuya kwa zibowozo. Pa mzati wa mamilimita 230 mbali zonse, konkire wophimba zitsulo amakhala pafupifupi mamilimita 30 mpaka 40. Ngati zibowo zalowa mamilimita 15 okha ndipo chitsulo sichikuoneka, mmisiri amagoba mpaka afike pa konkire wolimba, amene amalira mwamphamvu akamenyedwa ndi hamala. M'mbali mwa dzenjelo amadula mowongoka, osati mopendekera, poti chigamba chopyapyala m'mphepete chimasweka msanga. Akatsuka fumbi ndi kunyowetsa malowo, amatsindira matope a simenti okonzera konkire, kenaka n'kumathirira kwa masiku 7.

Chitsulo chikaonekera, nkhani yakula, chifukwa chinyezi chikachifika chimachita dzimbiri, n'kufufuma mpaka kung'amba konkire. Apa mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha kuti injiniya aone ntchito isanapitirire. Ngati pamwamba pali kale bimu, amayamba ayichirikiza, kenaka n'kugoba mpaka kuseri kwa chitsulo, pafupifupi mamilimita 20, kuti konkire watsopano achizungulire. Amakhoma kabokosi n'kuthira konkire wa miyala ing'onoing'ono kapena simenti yapadera imene sichepa ikamauma.

Zibowo zikabowoleza mbali ina kapena zikafika pakatikati pa mzati, kawirikawiri injiniya amalamula kuugwetsa ndi kuuthiranso. Kupaka pulasitala pa miyala yogwedera si kukonza, ngakhale mmisiri anene kuti aliyense amatero. N'chifukwa chake kalata imamaliza ndi pempho loti njira yokonzera ilembedwe, mwini nyumba aone dzenje lililonse lisanatsekedwe, ndipo pamveke amene alipire ntchitoyo.