Njinga yamoto ya gulu: bwanji buku likudula ndalama zambiri chaka choyamba?

Katundu wogwirira ntchito amatha, ndipo mtengo wake umatha naye limodzi. Injini ya boti, chigayo, pampu yothirira kudimba, zonsezi zikagwira ntchito chaka chimodzi sizingagulidwenso pa mtengo umene tinagulira. Anzathu a maakaunti kutsika kwa mtengoku amakutcha dipurishiyeshoni, ndipo amakulemba m'buku chaka chilichonse ngati ndalama yolowa pa bizinesi, monga petulo kapena malipiro a woyendetsa. Njira zodziwika zowerengera zilipo ziwiri. Ina imadula ndalama yofanana chaka ndi chaka. Inayo imadula peresenti pa mtengo umene watsala, ndipo ndi imene imautsa mapokoso pamsonkhano, chifukwa imaluma kwambiri zaka zoyambirira.

Tiyerekeze ndi gulu la anthu khumi la kuno ku Chiringa limene lasonkha K4,000,000 n'kugula njinga yamoto yokatengera matemba ndi milamba kumadooko a nyanja ya Chilwa kudzagulitsa pamsika. Mitengoyi tangoiika kuti masamu ayende bwino, inu muikapo yanu. Gululi likuona kuti njingayo igwira ntchito zaka 4, kenaka aigulitsa pafupifupi K1,000,000.

Pa njira yofanana ija masamu ake ndi achidule. Pa K4,000,000 tichotsepo K1,000,000 imene tidzaipeze pogulitsa, patsala K3,000,000. Tigawe pa zaka 4, ndiye kuti chaka chilichonse buku lidula K750,000. Basi.

Njira yodula pa zotsala imayamba ndi kusankha peresenti. Tinene kuti gulu lasankha 30 peresenti. Chaka choyamba tiwerenga 30 peresenti ya K4,000,000, imene ndi K1,200,000, ndipo m'buku njinga itsala ndi mtengo wa K2,800,000. Chaka chachiwiri sitibwereranso ku mtengo wogulira ayi. Titenga 30 peresenti ya K2,800,000 yotsalayo, yomwe ndi K840,000, patsale K1,960,000. Chaka chachitatu tidula K588,000, patsale K1,372,000. Chachinayi tidula K411,600, ndipo njinga itsala pa K960,400.

Apa ndiye pagona yankho la funso lathu. Peresenti siinasinthe, ndi 30 zaka zonse. Chimene chikusintha ndi mulu umene tikutapapo. Chaka choyamba muluwo ndi waukulu, choncho gawo lake ndi lalikulu. Chaka chilichonse muluwo ukuchepa, gawonso likuchepa. Onaninso kuti njira zonse ziwiri zakathera pafupifupi malo amodzi: ina yadula K3,000,000 yonse pamodzi, inayo K3,039,600. Ndiye kuti njira yodula pa zotsala siidya zambiri. Imangokokera ndalama yomweyo kuzaka zoyamba. Imaposa K750,000 ija chaka choyamba ndi chachiwiri, koma pofika chachitatu imakhala yatsika kale pansi pake. Ena akamva za peresenti amayamba kukayika kuti mwina ndi chiwongoladzanja. Ayi ndithu, pano palibe wobwereka kapena wobwereketsa, tikungoyeza kutha kwa chitsulo.

Nanga munthu angasankhirenji njira yopweteka poyamba? Chifukwa njinga yamoto imataya mtengo motero. Ikangotuluka m'shopu n'kuyenda miyezi ingapo m'fumbi ndi m'matope a kunyanja, wogula aliyense amaitcha yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo amanenerera mosachita manyazi. Koma kusiyana kwa mtengo pakati pa njinga ya zaka zitatu ndi ya zaka zinayi n'kochepa, zonse ndi zakale basi. Chifukwa china ndi cha kwa makaniko. Chaka choyamba timangosintha oilo ndi mapulagi, mwina matayala. Chaka chachitatu tcheni, masipuloketi, mabeleng'i, mwinanso kutsegula injini. Dipurishiyeshoni ikamatsika pamene ndalama zokonzetsera zikukwera, zonse ziwiri zikaphatikizana katundu wa chaka chilichonse amakhala wolinganako. Pa njira yofanana, zaka zomaliza zimasenza K750,000 yomwe ija kuwonjezera pa mabilu a makaniko, ndipo phindu limaoneka ngati lagwa mwadzidzidzi.

Nkhaniyi si ya papepala chabe, imakhudza thumba la munthu. Tinene kuti chaka choyamba njinga yabweretsa K1,500,000 atachotsa petulo ndi malipiro. Pa njira yofanana phindu ndi K750,000, aliyense K75,000. Pa njira inayi phindu ndi K300,000 yokha, aliyense K30,000, ndipo apa ndi pamene msungichuma amafunsidwa kuti, “Mayi, ndalama zapita kuti?” Sizinapite kulikonse. Dipurishiyeshoni si ndalama yotuluka m'bokosi. Imangotiletsa kugawana ngati phindu ndalama imene ikuimira kutha kwa njinga. Ikhale m'bokosi kapena ku akaunti ya gulu, aliyense aione.

Povuta kwambiri ndi pamene membala akutuluka. Tiyerekeze kuti patha zaka ziwiri, bambo wina akusamukira ku Migowi ndipo akufuna gawo lake. Buku la njira yofanana likuti njinga ndi K2,500,000, gawo lake K250,000. Buku linalo likuti K1,960,000, gawo lake K196,000. Kusiyana kwake ndi K54,000 pa munthu mmodzi. Ngati njingayo pamsika ingagulidwe pafupi ndi K2,000,000, kumupatsa K250,000 ndi kulipiritsa otsala asanu ndi anayiwo. N'chifukwa chake ife timati njira ndi peresenti zilembedwe m'malamulo a gulu tsiku logula katundu, osati tsiku limene wina watsanzika.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri n'zosavuta kuzigwira. Mlembi akamatenga 30 peresenti ya mtengo wogulira chaka chilichonse, adula K1,200,000 kanayi, yonse K4,800,000, kuposa mtengo wa njinga imene. Mukaona ndalama yodulidwa ikufanana zaka ziwiri zotsatizana, dziwani kuti njira zasakanizidwa. Ena amayamba achotsa K1,000,000 yodzagulitsira ija asanawerenge peresenti. Pa njira iyi sititero, chifukwa peresentiyo imasankhidwa kale kuti ikatifikitse pafupi ndi mtengo umenewo. Kusankha kwake n'kongoyesa pa kakyuleta ya foni: 25 peresenti ikanasiya K1,265,625 pakutha zaka 4, pamene 30 yasiya K960,400, pafupi ndi miliyoni imene gulu likuyembekeza. Ndipo musadabwe kuti mtengo sufika pa ziro ngakhale patapita zaka 10. Tsiku logulitsa, kusiyana kwa ndalama yolandira ndi mtengo wa m'buku kumalembedwa ngati phindu kapena kuluza.

Njirayi siyenera katundu aliyense. Shedi yosungiramo nandolo kapena thandala loyanikira nsomba zimatha pang'onopang'ono mofanana, ndiye njira yofanana ikukwanira. Komanso imawerenga zaka, osati ntchito: nyanja ya Chilwa ikaphwa monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, injini ya boti ikhoza kukhala m'nyumba chaka chonse koma buku lidulabe peresenti yake.

Ndipo zonsezi zimawerengera pa mtengo wogulira wakale. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera, moti njinga yakale ikhoza kugulidwa pa makwacha ochuluka kuposa a m'buku, ndipo K3,000,000 yosungidwa pa zaka 4 siingagulenso yatsopano. Gulu lofuna kudzagula ina liziika padera ndalama yowonjezera, poyang'ana mtengo wa njinga m'shopu chaka chimenecho.