Filiji Yafa Isanathe Miyezi Iwiri: Kalata ya Mayi wa ku Dedza

Pa boma la Dedza, pamene mabasi ochokera ku Lilongwe ndi ku Ntcheu amaima kuti apaulendo agule mbatata ya kachewere, pali amayi ambiri amene chuma chawo chonse chagona m'filiji ya bokosi, yosungiramo nkhuku, nsomba ndi mafilizesi. Mmodzi mwa iwo, amene dzina lake tisunga, adagula filiji yotere ku sitolo ina ya ku Lilongwe, napatsidwa lisiti pamodzi ndi khadi la galanti ya chaka chimodzi. Koma pa sabata lachisanu ndi chiwiri madzi oundana adayamba kusungunuka, ndipo nkhuku zimene adapikula ndi ndalama za ngongole zidawola.

Atayimba lamya kawiri osathandizidwa, mayiyo adakana uphungu wa anansi woti aitane mmisiri wa pamsika, pakuti adawerenga pa khadi lija kuti munthu wosatumidwa ndi sitolo akatsegula makina, galanti yathera pomwepo. M'malo mwake adalemba kalata kwa mkulu wa sitolo, ndipo pamwamba adaikapo tsiku logulira, nambala ya lisiti, mtundu wa filiji, ndi nambala yake yapadera yolembedwa pa kachikwangwani ka kumbuyo, kuti pasakhale wonena kuti filiji yobwezedwayo si imene idatuluka m'sitolo mwawo.

Mphamvu ya kalatayo idali m'kufotokoza matenda monga adawaonera ndi maso. "Bambo," adatero, "kompulesa ikulira usana ndi usiku osapuma, koma chisanu chikugwira pangodya imodzi yokha, ndipo madzi amene ndaikamo madzulo ndikuwapeza ali madzi m'mawa." Mmisiri aliyense wodziwa ntchito akamva mawu amenewa amayamba waganizira za gasi amene akutha chifukwa cha kuchucha kwa paipi, ndipo m'filiji yatsopano, imene sidabooledwe ndi mpeni pochotsa chisanu, kuchucha kotere kawirikawiri kumachokera pamfundo imene sadawotcherere bwino ku fakitale. Akadalemba kuti kompulesa imangoti "tiki" n'kukhala chete, mlandu ukadalowera kwina, chifukwa chizindikiro chimenecho chimaloza ku kachipangizo koyatsira kompulesa kapena ku magetsi ofooka.

Podziwa kuti ogulitsa amathawira kumagetsi a ESCOM, amene akazima amabwerera nthawi zina ndi mphamvu yopyola muyeso, mayiyo adatseka njira imeneyo asadafunsidwe: adanena kuti kuyambira tsiku loyamba filiji idalumikizidwa kudzera m'gadi yotchinjiriza magetsi, natumiza fotokope ya lisiti la gadiyo. Adaonjezanso kuti pa ulendo wa makilomita oposa 80 wochokera ku Lilongwe filijiyo idanyamulidwa chokhazikika, osati chogoneka cham'mbali, ndi kuti adaisiya usiku wonse asanayatse, kuti mafuta a m'kompulesa abwerere m'malo mwake.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'kalata yonse mudalibe mwano kapena temberero, koma pempho lidali lolunjika. "Ndikupempha mwaulemu kuti mutumize mmisiri wanu, kapena mudzatenge filijiyi pa ndalama zanu, pasanathe masiku 14, ndipo ikakanika kukonzeka, mundipatse ina kapena mundibwezere ndalama zanga." Adakapereka yekha kalatayo pamodzi ndi mafotokope, nasunga malisiti enieni kunyumba, ndipo sadachoke kufikira kalaliki adasayina ndi kudinda chidindo cha tsikulo pa kope lake.

Chidindo chimenecho ndicho mboni ya wogula nkhani ikakula. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndiponso lamulo latsopano la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024, limene lidalowa m'malo mwa la 1998. Ndipo bungwe la CFTC, limene likulu lake lili ku Lilongwe, limalandira madandaulo a ogula, ndipo lakhala likudzudzula ogulitsa amene amakana udindo pa katundu wowonongeka pobisala kuseri kwa mawu akuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Bungwe la ogula la CAMA nalonso limathandiza ndi uphungu. Koma onsewa adzafuna kuona umboni wakuti wogula adayamba wadandaula kwa mwini sitolo, ndipo lamya siisiya umboni wotere.

Wogula adziwenso malire a galanti, pakuti makhadi ambiri amalonjeza kukonza makina okha, osati kulipira nkhuku zowola; amene afuna chipukutamisozi cha katundu wake ayenera kuchitchula padera, ali ndi malisiti ndi zithunzi m'manja. Makolo adati mlandu suwola, ndipo adanena zoona. Koma galanti ili ndi tsiku lake lothera, chotero kalata ilembedwe sabata lomwelo filiji yasiya kuzizira, wogulitsa asanapeze danga lonena kuti kuchedwa kwa mwiniwake ndiko kudakulitsa vutolo.