Phokoso la pa Kanema Limathamangitsa Oonera

Aliyense amene amaika makanema pa YouTube ali ndi galafu yomuuza pomwe anthu anasiyira kuonera. Imapezeka mu YouTube Studio, pansi pa Analytics, ndipo mzere wake umatsika pamene oonera akuchoka. Pa kanema wa macheza, pomwe mtolankhani akufunsa munthu mafunso, ambiri akaona mzerewo ukutsika amaganiza kuti nkhaniyo sinali yokoma. Nthawi zambiri vuto limakhala loti anthu samamva zomwe wofunsidwayo akunena. Chithunzi chosawala bwino munthu amachipirira, koma macheza ndi mawu basi, ndipo mawuwo akasokonekera palibe chotsala choti n'kudikirira.

Tiyerekeze kuti mukucheza ndi mayi wogulitsa tomato pamsika, chigayo chikulira chapafupi. Mphamvu ya mawu timaiyeza m'madesibelo. Munthu akamayankhula mwa masiku onse, mawu ake amakhala pafupifupi madesibelo 60 mukaima mita imodzi kuchokera pakamwa pake. Pabwalo, mtunda ukawirikiza kawiri, mawu amatsika ndi madesibelo 6. Choncho ngati foni yojambulira yaima mamita awiri, mawu a mayiyo amaifika ali pa 54. Tinene kuti chigayo chikumveka pa 60 pamalo onsewo. Ndiye kuti phokoso laposa mawu ndi madesibelo 6, ndipo woonera adzangotola liwu apa ndi apo.

Tsopano mumangirireni mayiyo kamaikolofoni pabulauzi, masentimita 25 kuchokera pakamwa. Mtunda mwaudula pakati katatu, kotero mawu akwera ndi madesibelo 18 kufika pa 72. Chigayo chikadali pa 60, poti chili kutali ndipo kusuntha pang'onoku sikuchikhudza. Tsopano mawu ndi amene aposa phokoso ndi madesibelo 12. Akatswiri a zamakutu amalimbikitsa kusiyana kwa madesibelo 15 kuti ana amve bwino mphunzitsi m'kalasi, ndiye mukamupempha mayiyo kuti musunthire kuseri kwa khoma, kutali ndi chigayo, mwafikapo. Kukweza voliyumu pokonza kanema sikuthandiza konse, chifukwa mawu ndi phokoso zimakwerera limodzi.

Chomwe phokoso limayamba kumeza ndi timaliwu tofooka monga s, f, t ndi k, tomwe timasiyanitsa mawu ofanana. Woonera amamva kuti munthu akuyankhula, koma amachita kulota zomwe zanenedwa, ndipo ntchito imeneyi ndi yotopetsa, makamaka pa kasipika ka foni ali m'minibasi. Chondimvetsa chisoni n'chakuti mlandu umagwera wofunsidwayo. Mu 2018, Eryn Newman ndi Norbert Schwarz anamvetsera anthu nkhani za asayansi, zina zomveka bwino, zina mawu ataonongedwa dala. Omwe anamva mawu oipa anati kafukufukuyo ndi wosafunika kwenikweni, ndipo wasayansiyo anamuona ngati wanzeru zochepa, pomwe zonenedwazo zinali zomwezo.

Nanga mungadziwe bwanji kuti ndi phokoso lomwe lathamangitsa anthu? Musanayang'ane galafu, valani mahedifoni, mumvetsere kanemayo maso ali chitsinzire, n'kulemba mphindi ndi sekondi iliyonse pomwe mwavutika kumva. Mukatero tsegulani galafu muyerekeze. Phokoso losalekeza, ngati la jenereta kapena mphepo, limaonekera koyambirira: anthu amachoka ambiri wofunsidwa akangotsegula pakamwa, ngakhale mawu oyamba a mtolankhani anawapirira. Phokoso lobwera mwadzidzidzi, monga njinga yamoto ikaima pafupi, limasiya kachigwa pamzerewo, kawirikawiri patapita masekondi angapo, chifukwa munthu amayamba wadikira kaye kuti mwina litha.

Samalaninso ndi pomwe mzere wakwera. Wojambula amasangalala poganiza kuti pamenepo anthu anakonda, koma mwina anabweza kanema chifukwa sanamve. Ngati pokwerapo pakugwirizana ndi malo omwe munalemba kuti mawu sakumveka, ndipo pambuyo pake mzere watsika msanga, chifukwa chake ndi phokoso.

Kanema mmodzi sapereka umboni wokwanira. Anthu amachokanso funso likatalika, kapena akamva kale yankho lomwe amafuna, ndipo oonera akakhala ochepa, anthu awiri atatu okha amagwedeza mzere wonse. Yerekezani makanema angapo otalika mofanana, a nkhani zofanana, ena ojambulidwa pabata, ena paphokoso.

Kanema akajambulidwa kale, chida cha Noise Reduction mu Audacity chimachepetsa phokoso losasinthasintha ngati munajambulako masekondi angapo aliyense ali chete, kuti pulogalamuyo ilizindikire. Mukachinyanyitsa, mawu amamveka ngati munthu akuyankhulira m'madzi. Mawu a anthu ena oyankhula kumbuyo sichiwachotsa, chifukwa amafanana ndi a wofunsidwayo. Pamenepo lembani zomwe akunena m'munsi mwa kanema, kapena mubwerere kukajambulanso yankholo pamalo abata.