Mwapatsana nambala kuchionetsero? Masiku awiri asadutse

Chionetsero cha zaulimi chomwe bungwe la MCCCI limakonza pabwalo la Chichiri mumzinda wa Blantyre chikatha, atsogoleri a magulu a alimi amabwerera kwawo ndi timakhadi ndi manambala a foni odzaza thumba. Ena mwa manambalawo ndi a anthu omwe akadagula mbewu za gulu lonse nthawi imodzi. Koma ambiri amangokhala m'thumbamo kufikira mlimi atasowa msika, ndipo poimba, pamakhala patadutsa masabata atatu kapena anayi. Yankho la tsidya linalo limakhala lodziwikiratu: "Pepani, ndikuyankhula ndi ndani?"

Kwa alimi a kwa T/A Kadewere m'boma la Chiradzulu, nkhaniyi ndi ya ndalama. Chiradzulu ili pafupi ndi Limbe, komwe kuli amalonda ogula nandolo wambiri, ena womutumiza ku India, dziko lomwe mu 2021 lidagwirizana ndi Malawi kuti lizigula matani 50,000 a nandolo pachaka kwa zaka zisanu. Komabe mtunda waufupiwo suthandiza ngati wogula sakumudziwa mlimi. Gulu lomwe lilibe wogula womudziwa limagulitsa kwa mavenda obwera ndi sikelo pamudzi, pamtengo womwe vendayo wanena. N'chifukwa chake mphindi zisanu zocheza ndi wogula wamkulu pachionetsero n'zamtengo wapatali, ndipo zimatayika mosavuta.

Malire a masiku awiri ali ndi maziko ake. Mu 1885, katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, adasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe adachita pa iye mwini. Ankaloweza timawu topanda tanthauzo n'kumayesa kuchuluka kwa zomwe zatsala m'mutu nthawi ikamapita. Adapeza kuti kuiwala kumathamanga kwambiri kumayambiriro: patangotha ola limodzi, zoposa theka zidali zitapita, patatha tsiku limodzi kudatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, patatha masiku awiri, zotsala zidangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi. Akatswiri ena ku Netherlands adabwereza kafukufukuyu ndipo zomwe adasindikiza mu 2015 zidafanana ndi zoyambazo.

Munthu si kamawu kopanda tanthauzo, ndipo nkhope yake imakhalitsa m'mutu kuposa pamenepo. Koma dzina la munthu wachilendo, lomveka kamodzi pakati pa phokoso la zokuzira mawu, silisiyana kwenikweni ndi timawu ta Ebbinghaus. Wogula yemwe wayima pachionetsero tsiku lonse amapatsana moni ndi anthu ochuluka, ambiri a iwo akunena zofanana: ali ndi nandolo, ali ndi soya, akufuna msika. Chomwe chimayamba kufufutika ndi ulusi wolumikiza nkhope, dzina ndi nkhani yomwe adakambirana. Uthenga wofika tsiku lotsatira umapeza ulusiwo ukadalipo ndipo umaulimbitsa. Wofika patatha mwezi umayamba zonse pachiyambi, ngati wa mlendo.

Pali chifukwa china chomwe chilibe m'mabuku a akatswiriwo koma aliyense wokhala ndi foni m'Malawi amachidziwa. Mauthenga a akathyali ofuna kuba ndalama za pa Airtel Money ndi TNM Mpamba apangitsa anthu kukayikira nambala iliyonse yachilendo. Wogula akalandira uthenga wongoti "Muli bwanji bwana?" kuchokera ku nambala yomwe sadaisunge, sauyankha, ndipo sangadzudzulidwe. Kufulasha ndiye kumaipirapo, chifukwa kumapempha munthu wotanganidwa kuti awononge mayunitsi ake poimbira munthu yemwe sakumudziwa.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mlembi wa gulu la alimi a nandolo kwa Kadewere wapita ku Chichiri Lachinayi ndipo wacheza ndi mkulu wogula mbewu pa kampani ina ya ku Limbe. Mkuluyo wagwira nandolo yemwe mlembiyo adatenga m'kathumba, wafunsa ngati ndi wouma bwino, n'kunena kuti kampani yake situmiza galimoto kukatenga katundu wosakwana matani asanu. Kenako wapereka khadi lake n'kuti, "Mudzandipeze."

Ntchito yoyamba imachitika mlembiyo asadakwere minibasi. Kuseri kwa khadilo alembe zinthu zitatu: tsiku, malo enieni pomwe adakumana, ndi mawu omwe wogulayo adanena, omwe pano ndi matani asanu ndi kuuma kwa mbewu. Izi zimaoneka zazing'ono, koma mlembinso ndi munthu, ndipo kuiwala kumamugwira mofanana. Akafika kunyumba ndi makhadi khumi, sadzakumbukanso kuti za matani asanu adanena ndani. Nambalayo aisunge mufoni ndi dzina lomwe lidzamukumbutse kampani ndi chionetserocho. Ngati mpata udalipo, chabwino koposa chidali kutumiza uthenga waufupi wa dzina lake ali pomwepo, wogulayo akuona, kuti nambala idziwike.

Lachisanu m'mawa ndi nthawi yosonkhanitsa yankho. Thumba la nandolo la makilogalamu 50 likakhala muyeso, matumba 20 ndiwo tani imodzi, choncho matani asanu ndi matumba 100. Mlembi afunse tcheyamani ndi mamembala kuti matumba omwe alipodi ndi angati. Akapeza 120, ndiye kuti gulu lili ndi matani asanu ndi imodzi, ndipo lapyola malire a wogula. Akapeza 70, anene 70 ndi tsiku lomwe otsalawo adzakhale atapezeka. Chiwerengero chokokomeza chimaululika tsiku lomwe galimoto yafika pamudzi, ndipo wogula yemwe wawononga mafuta pachabe amakumbukadi gululo, koma osati mokomera.

Uthenga wake ungakhale wotere:

"Mwadzuka bwanji Bambo Uje. Ndine Uje, mlembi wa gulu la alimi a nandolo kwa T/A Kadewere ku Chiradzulu. Tidakumana dzulo masana ku Chichiri, mudaona nandolo wathu n'kunena kuti mumayambira matani asanu. Tili ndi matumba 120 a makilogalamu 50, wouma ndi wopeta. Kodi ndingabweretse sampulo ku ofesi kwanu ku Limbe Lachiwiri m'mawa?"

Chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Moni ndi dzina la wolandira zikuonetsa kuti uthengawu sudatumizidwe kwa anthu makumi asanu nthawi imodzi. Dzina, udindo ndi dera zikuyankha funso loti ndi ndani lisadafunsidwe. Mawu a wogulayo, obwezedwa kwa mwini wake, ndiwo mbedza yeniyeni, chifukwa munthu amaiwala zomwe adamva koma amazindikira msanga zomwe adanena yekha. Ndipo pempho lili limodzi, laling'ono, lokhala ndi tsiku, loti angayankhe ndi "inde" kapena "bwerani Lachitatu" ali pakati pa ntchito zina.

Mtengo sudatchulidwe, ndipo n'dala. Kufunsa mtengo mu uthenga woyamba kumakakamiza wogula kunena chiwerengero asadaone katundu, ndipo wogula wochenjera amatchula chotsika kapena kungokhala chete. Chimodzimodzi kupempha ngongole ya mbewu, ndalama yoyendera kapena ntchito ya mwana: zimenezi zimasandutsa munthu wamalonda kukhala wopemphetsa pamaso pa wolandira. Mauthenga a mavesi ndi zithunzi za maluwa za m'mawa uliwonse, ngakhale amatumizidwa ndi mtima wabwino, amachititsa kuti nambala itsekedwe.

Njira yotumizira imadalira zomwe wogulayo adapereka. Pa WhatsApp n'kotheka kuwonjezera chithunzi chimodzi cha matumba ali m'nyumba yosungira kapena cha nandolo ali m'manja, ndipo chithunzi chimakumbutsa msanga kuposa mawu. Uthenga wa mawu ojambula si wabwino poyamba, popeza munthu sangaumvetsere pamsonkhano ndiponso sangaufufuze pambuyo pake akafuna chiwerengero cha matumba. Wa foni yaing'ono agwiritse ntchito SMS, pokumbukira kuti uthenga umodzi umatenga zilembo 160, kotero wautali ngati uli pamwambawu umawerengedwa ngati mauthenga angapo. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi katundu wa matani asanu ndi imodzi. Ngati khadi lili ndi imelo ya kampani, ndi bwino kutumizanso komweko, chifukwa makampani ambiri amasunga zamalonda m'makalata otere. Kuimba kumabwera bwino pambuyo pa uthenga wolemba, wogula ali kale ndi dzina patsogolo pake.

Funso lovuta ndi la mapeto a sabata. Wokumana naye Lachinayi alandire uthenga Lachisanu. Nanga wokumana naye Loweruka? Kudikira Lolemba m'mawa kukadali mkati mwa masiku awiri, ndipo n'kwabwino kuposa kusokoneza munthu Lamulungu ali kutchalitchi kapena ndi banja lake. Kwa wogula wachisilamu, nthawi yoyenera kupewa ndi ya mapemphero a Lachisanu masana. Usiku ndi m'bandakucha n'zosayenera kwa aliyense. Ena amaopa kuti kutumiza msanga kuoneka ngati kusimidwa, koma pamalonda a mbewu mantha amenewa alibe malo: wogula amakhala akudzaza malole m'nyengo yochepa, ndipo amayamba ndi omwe aonetsa kuti katundu ali naye.

Yankho likapanda kubwera, zizindikiro za pa WhatsApp zimathandiza pang'ono. Kachongi kamodzi kotuwa kamatanthauza kuti uthenga wachoka koma sudafike pafoni ya wolandira. Kakakhala choncho masiku awiri, mwina nambala idalembedwa molakwika kapena mwini wake saigwiritsa ntchito pa WhatsApp, ndipo ndi bwino kuyesa SMS kapena nambala ya ofesi. Tiwiri totuwa ndiye kuti wafika. Tiwiri tobiriwira ngati thambo ndiye kuti watsegulidwa, ngakhale anthu ambiri amazimitsa chizindikirochi, choncho kusaoneka kwake si umboni woti sadawerenge.

Uthenga wachiwiri udikire masiku asanu kapena sabata, ndipo ubwere ndi chatsopano m'malo mwa dandaulo loti sadayankhidwe. Mlembi uja anganene kuti matumba afika 140, kapena kuti Lachinayi adzakhala ali ku Limbe ndipo angasiye sampulo pageti. Wachitatu, ngati ungafunike, ukhale wa pafoni, m'maola a ntchito. Kupyola apo, chete wa wogula ndi yankho lokwanira, ndipo nandolo sadikira: akakhalitsa m'matumba osatetezedwa amafumbwa, ndipo mamembala osowa ndalama amayamba kugulitsa thumba limodzilimodzi kwa mavenda kufikira matani aja atachepa. N'chifukwa chake mlembi wodziwa ntchito satumiza kwa wogula mmodzi yekha. Pa makhadi khumi aja amasankha atatu kapena anayi omwe adafunsa mafunso okhudza katundu weniweni, n'kulembera aliyense uthenga wakewake, wokhala ndi mawu omwe munthuyo adanena.