Kudziseka pofunsira kuli ndi muyeso wake

Anyamata ambiri amabwerekana nthabwala zofunsirira ngati jekete la suti, osaganiza kuti limene lamukhala mnzawo likhoza kuwakhwepa iwo. Nthabwala imayendera khalidwe la munthu, ndipo yomwe imasokoneza anthu kwambiri ndi yodziseka wekha.

Tiyerekeze kuti ndi pachinkhoswe, mvula yangokata kumene. Mnyamata watsika pakabaza thalauza ili matope okhaokha, ndipo mpando wotsala uli pafupi ndi mtsikana amene wamudolola. Akhoza kunena kuti, "Pepani chemwali, thalauzayi pochoka kunyumba inali yoyera, koma apa mukhoza kudzalamo chimanga." Mtsikana aseka, chifukwa choseketsacho ndi matope, chinthu chimene aliyense akuchiona komanso chichoka ndi sopo. Mnyamatayo wasonyeza kuti manyazi ang'onoang'ono samugwetsa ulesi.

Koma mnyamata yemweyo akawonjezera kuti, "Ine ndiye palibe angandifune, ndalama ndilibe, nkhope nayo ndi imeneyi," zinthu zasintha. Tsopano akunyoza umunthu wake, matope aja aiwalika. Chizindikiro chake sichivuta: mtsikana amasiya kuseka n'kuyamba kutonthoza, amvekere, "Ayi achimwene, musamatero." Mukamva mawu amenewo dziwani kuti mwapeza mlongo wachifundo, koma chibwenzi chapita.

Akatswiri a maganizo anasiyanitsa kale zinthu ziwirizi. Mu 2003, Rod Martin wa ku Canada ndi anzake anagawa nthabwala m'magulu anayi, ndipo limodzi mwa magulu amenewa ndi la munthu wodzichotsa ulemu n'cholinga choti ena amulandire. Anapeza kuti chizolowezi chimenechi chimayenda limodzi ndi kudziderera komanso nkhawa. Mu 2008, Gil Greengross ndi Geoffrey Miller a ku America anaonanso kuti kudziseka kumakopa kwambiri kukachokera kwa munthu amene omvera akumuona kale kuti ndi wapamwamba. Choncho nthabwala yotereyi imakhala bwino kwa wodzidalira, uja anthu amamuopa pang'ono kapena kumuganizira kuti ndi wodzimva. Mphunzitsi wodziwika akanena kuti masamu a kumsika amamugonjetsa, amatsika n'kufanana ndi anthu. Wodzikayikira kale akatero, omvera amangoti akunena zoona.

Nanga wamanyazi atani? Iyeyu, mwa kuona kwanga, ali ndi mwayi umene sauzindikira. Munthu wosalankhulalankhula amaona zambiri, ndipo nthabwala yochokera pa zomwe nonse mukuziona sifuna mawu okweza. Pachinkhoswe pomwe paja akhoza kungonong'ona kuti, "Aka ndi kachisanu woyendetsa mwamboyu akunena kuti pelekanipelekani uyu ndi womaliza." Sanadzitchule, sanamutchule mtsikanayo, koma awiriwo ayamba kuonera zinthu limodzi. Ngozi yake ndi imodzi, ndipo pamwambo wa pachibale ndi yaikulu. Mayi amene mukuseka kavinidwe kawo akhoza kukhala azakhali ake. Sekani zochitika, monga magetsi othima nyimbo ili pakati, osati thupi kapena chovala cha munthu.

Pali ina yopanda mutu, yongopeka zosatheka. Mbale ikafika, mnyamata n'kunena nkhope ili gwa kuti, "Ine ndatsimikiza, ndikufunsira mpunga uwu. Ankhoswe ake ndi ndani?" Iyi imafuna munthu wansangala, wosachita manyazi ikagwa pansi, chifukwa imagwadi kawirikawiri. Imakhala ndi moyo pokhapokha winayo akaiwonjezera. Akayankha kuti, "Ankhoswe ake ndi nkhukuyi, koma ndi ovuta," ndiye kuti mwalowa sewero limodzi. Akangoti "Oho" n'kuyang'ana foni, musafotokoze nthabwalayo kapena kuibwereza. Funsani funso wamba.

Ena amatengera kwa mlendo chipongwe chimene timachitirana pachisuweni. Msuweni ukhoza kumunena mphuno chifukwa ubale unakupatsani kale chilolezo. Munthu amene mwakumana naye lero sanapereke chilolezo chimenecho, ndipo akaseka nthawi zambiri ndi ulemu chabe.

Mfundo imeneyi ya kuseka kwaulemu njofunika. Mu 2015, Jeffrey Hall wa payunivesite ya Kansas anakhazika pamodzi anyamata ndi atsikana osadziwana, awiriawiri, magulu 51, kuti acheze kwa mphindi pafupifupi khumi. Chimodzi mwa zomwe zinasonyeza kuti awiriwo akufunana chinali kusekera pamodzi, nthawi imodzi. Ndiye pachinkhoswe paja musamangowerenga kuti waseka kangati. Onani ngati nayenso wayamba kuponya zake, ndipo akaponya, mupatseni mpata amalize. Atsikana ambiri ali ndi nthabwala zakuthwa zomwe zimafera pakamwa chifukwa mnyamata ali kalikiliki kukonza yotsatira.